Mawu Ayenera Kufa Kuti Ena Amveke

M'holo yaikulu ya njerwa zopaka pulasitala, ya simenti pansi, munthu akamayankhula kutsogolo, anthu a m'mabenchi oyamba amamva zonse, koma a kumbuyo amangodziwa kuti wina akuyankhula. Liwu limafika ndithu, mwinanso mokweza kwambiri, koma mfundo zimathera panjira. Akuluakulu a mpingo kapena a sukulu akaona zimenezi amasonkherana ndalama n'kugula zokuzira mawu zamphamvu. Phokoso limakula, koma kumva sikuwonjezeka. Chimene chikusowa m'holo yotere si mphamvu ya mawu. Vuto ndi lakuti mawu amene anenedwa kale akukana kuchoka, ndipo akubwera pambuyo akusowa malo.

Tonsefe tinakula ndi maganizo akuti liwu labwino ndi lokhalitsa. Timasirira mawu amene amadzaza nyumba n'kumalindima woyankhula atatseka kale pakamwa. Koma amene anaphunzira za kayendedwe ka mawu m'nyumba amatiuza zina: holo yabwino ndi imene imadziwa kuiwala pa nthawi yake. Ikaiwala mochedwa, mawu amaunjikana n'kusanduka mkokomo. Ikaiwala mofulumira kwambiri, nyimbo imauma, ndipo woyimba amadziona ngati ali yekha. Pakati pa ziwirizi pali nthawi yoyenera, ndipo nthawiyo ingathe kuwerengedwa ndi tepi yoyezera, pensulo ndi pepala, njerwa yoyamba isanaikidwe n'komwe.

Liwu likatuluka pakamwa limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Gawo lochepa chabe ndi limene limalunjika kukhutu la womvera. Lotsalalo limagunda khoma, kudenga ndi pansi, n'kubwerera, n'kukagundanso kwina. Pa kugunda kulikonse limasiya kagawo ka mphamvu yake. Khoma losalala la pulasitala limatenga magawo awiri okha mwa 100 alionse, n'kubweza 98. Choncho liwu liyenera kugunda kambirimbiri lisanathe, ndipo kubwerera konseku kumalumikizana n'kukhala mchira umodzi wautali wa phokoso lozilala pang'onopang'ono. Mchira umenewu ndiwo mkokomo. Ndi wosiyana ndi liwu lobwerera kuphiri, limene limamveka palokha ngati munthu wachiwiri. Mkokomo sumveka ngati mawu, umangokuta mawu.

Nthawi ya mkokomo ili ndi tanthauzo lenileni. Ndi nthawi imene phokoso limatenga kuti litsike ndi madesibelo 60 kuchokera pamene gwero lake lasiya kulira, kutanthauza kuti mphamvu yatsala gawo limodzi lokha mwa 1,000,000. M'mabuku ndi pa zida zoyezera imalembedwa kuti RT60. Mwachidule, ndi nthawi yochokera pa liwu lokweza bwino kufika pamene khutu silikumvanso kanthu.

Amene anatsegula njira imeneyi ndi Wallace Clement Sabine, mphunzitsi wachinyamata wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku Amereka. M'chaka cha 1895 anapatsidwa ntchito yokonza chipinda chophunzitsira cha mu Fogg Art Museum, chimene chinali chitangomangidwa kumene koma chosathandiza, chifukwa liwu linkatsalira m'mwamba kupitirira masekondi asanu. Sabine ankagwira ntchito usiku, mzinda utagona, kuti pakhale bata. Zida zake zinali chitoliro cha limba cholira pa liwu limodzi, wotchi ndi makutu ake. Iye ndi omuthandiza ankanyamula makushoni a m'mipando ya ku Sanders Theatre, n'kuwayala m'chipindacho, kuliza chitoliro, kuwerenga nthawi imene liwu lazilala, kenako n'kuwonjezera makushoni ena. Kusanache makushoni aja ankabwezedwa kwawo. Anafika pozindikira kuti ngakhale zovala zimene wavala tsikulo zinkasintha zotsatira.

Patapita zaka pafupifupi zitatu, anaona dongosolo m'manambala ake: nthawi ya mkokomo ikachulukitsidwa ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu, yankho limakhala lomwelomwelo m'chipinda chimodzi, ndipo yankholo limakula molingana ndi kukula kwa chipinda. Pa mfundo imeneyi ndi pamene anaima polangiza omanga Symphony Hall ya ku Boston, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1900 ndipo mpaka lero ili m'gulu la maholo otamandika a nyimbo. M'miyezo ya mamita, lamulo lake ndi ili:

```
T = 0.161 × V / A
```

T ndi nthawi ya mkokomo m'masekondi. V ndi kukula kwa mpweya wa m'holo m'makiyubiki mita: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi msinkhu. A ndi kumeza konse kwa holoyo, ndipo Sabine anakuyeza m'njira yokongola kwambiri. Anafunsa kuti, n'chiyani chimene chimameza mawu onse osabweza kanthu? Yankho ndi zenera lotsekula. Liwu likadutsa pamenepo lapita, silibweranso. Choncho chinthu chilichonse chimayerekezedwa ndi zenera lotsekula. Sikweya mita imodzi ya pulasitala imameza ngati magawo 0.02 a sikweya mita ya zenera lotero. Katani yokhuthala yopindapinda imameza pafupifupi 0.5. Kuti tipeze A, timatenga kukula kwa malo alionse, kuchulukitsa ndi nambala yake ya kumeza, n'kuphatikiza zonse pamodzi.

Lamuloli lili ngati chidebe chobooka. Chidebe chikakhala chachikulu, madzi amachedwa kutha. Mabowo akachuluka, amatha msanga. Holo ndiyo chidebe, mawu ndiwo madzi, ndipo chilichonse chofewa ndi bowo.

Tiyeni titenge holo yongoyerekezera, ya mtundu umene umapezeka pa mishoni ndi pa sukulu zambiri kwathu kuno: mamita 25 mulitali, 12 mulifupi, 6 kupita m'mwamba. Mpweya wake ndi makiyubiki mita 1,800. Tikachulukitsa ndi 0.161 tikupeza pafupifupi 290, ndipo nambala imeneyi tiisunge, chifukwa sisintha pokhapokha titagumula khoma kapena kutsitsa siling'i. Tsopano tiwerenge zomeza, pa mawu apakatikati ogwedezeka ka 500 pa sekondi, amene ali pamtima pa liwu la munthu. Pansi pali masikweya mita 300 a simenti, pa 0.02, kupereka 6. Makoma ali ndi masikweya mita 444. Mwa amenewa 400 ndi pulasitala, kupereka 8, ndipo 44 ndi magalasi a mazenera, amene pa 0.18 akuperekanso pafupifupi 8. Siling'i ya matabwa olimba, masikweya mita 300 pa 0.1, ikupereka 30. Mabenchi a matabwa opanda anthu tiwapatse 20 onse pamodzi. Tikaphatikiza, A ndi 72.

Gawani 290 ndi 72, mupeza masekondi anayi. Holo yonseyi, yokhala ndi makoma, denga ndi pansi zopitirira masikweya mita 1,000, ikumeza mawu ngati zenera limodzi la masikweya mita 72 basi. Kwina konseko kukungobweza.

Masekondi anayi amaoneka ochepa mpaka titawaika pafupi ndi lilime la munthu. Woyankhula modekha amatchula maphatikizo anayi kapena asanu pa sekondi. M'holo yathuyi phokoso likutsika ndi madesibelo 15 pa sekondi, choncho pamene phatikizo lachiwiri likutuluka, loyamba latsika ndi madesibelo atatu kapena anayi okha. Likadali ndi mphamvu pafupifupi theka. Lachitatu likamabwera limapeza awiri aja ali pomwepo. Amene amavutika kwambiri ndi timawu tofewa, tachidule, monga t, k, p ndi s, timene timasiyanitsa liwu ndi linzake. Mavawelo ndi amphamvu ndiponso otalika, ndipo mchira wawo umakwirira timawu timeneti. Womvera amatsala ndi a, e, o zoyandama, n'kumalumikiza yekha zimene akuganiza kuti zanenedwa. Koma m'holo ya sekondi imodzi, phatikizo loyamba limakhala litatsika ndi madesibelo 12 mpaka 15 pamene lachiwiri likufika. Lapatuka panjira, mnzake wadutsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tanthauzo silikhala m'liwu limodzi, limakhala m'kutsatana kwa mawu, ndipo kutsatana kumafuna kuti lililonse lipereke mpata. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ananena zoona. Koma malo ogonera mawu ndi mumtima mwa womva, osati m'mpweya wa m'nyumba. Kuti akagonere mumtima ayenera kuyamba amveka, ndipo kuti amveke, amene anawatsogolera ayenera kufa msanga. Holo imene imasunga chilichonse imathera posapereka chilichonse.

N'chifukwa chake zokuzira mawu sizichiritsa matenda amenewa. M'lamulo la Sabine mulibe malo a kukweza kwa liwu. Mukakweza, liwu lolunjika ndi mkokomo zimakwera limodzi mofanana, ndipo nthawi imakhalabe masekondi anayi. M'holo yathuyi, munthu akangotalikira ndi mita imodzi ndi pang'ono kuchokera kwa woyankhula wopanda chokuzira, mkokomo umayamba kuposa liwu lolunjika. Amene ali pabenchi la nambala 20 akumva makoma kuposa mlaliki. Zokuzira zimathandizako zikakhala zolunjika bwino pa anthu, kapena zing'onozing'ono zingapo zoikidwa pafupi nawo n'kumalira motsitsa. Koma zikuluzikulu ziwiri zoyang'ana khoma lakumbuyo zimangodyetsa mkokomo.

Tsopano tilowetse anthu. Munthu mmodzi wokhala pansi, ndi zovala zake, amameza ngati zenera la masikweya mita pafupifupi 0.4. Anthu 100 akuwonjezera 40, ndipo A ikufika 112. Nthawi ikutsika kufika masekondi 2.6. Anthu 300 akuwonjezera 120, A ikufika 192, ndipo nthawi ndi masekondi 1.5. Holo yomwe ija, makoma omwe aja, koma yasanduka nyumba ina. Izi zikufotokoza chinthu chimene oyimba kwaya amachidziwa bwino: pokonzekera Loweruka m'tchalitchi mopanda anthu nyimbo imasefukira, koma Lamlungu anthu atadzaza imamveka yaifupi ndi yolongosoka, ndipo oyimba ena amadabwa kuti mawu awo apita kuti.

Nambala zimenezi zimandikhudza. M'holo ya simenti ndi pulasitala, chomeza mawu chachikulu kuposa zonse ndi anthu eni ake. Anthu 300 akumeza kuposa nyumba yonse. Timaganiza kuti omvera ndi ongolandira, kuti ntchito yonse ili ndi woyankhula. Koma mayi amene wakhala pakati ndi chitenje chake ndi mwana kumsana, pongokhalapo, akuchotsa m'mpweya mawu akale kuti wa kumbuyo kwake amve atsopano. Sakudziwa kuti akuthandiza, ndipo wothandizidwayo sadzamuthokoza. Benchi lopanda munthu limabweza phokoso, benchi lokhala ndi munthu limalandira. Kubwera kwa aliyense pamsonkhano kumawonjezera kumva kwa onse, ndipo izi si zongokometsera nkhani, ndi zotuluka m'masamu.

Komabe holo singadalire kudzaza. Msonkhano wa makolo pa sukulu, maphunziro a pakati pa sabata, mlandu wa m'mudzi, zonsezi zimachitika anthu ali ochepa, ndipo n'zimene zimafuna kumvana kwambiri. Choncho lamulo lija timalitembenuza. M'malo mofunsa kuti nthawi ndi yotani, timasankha nthawi imene tikufuna n'kufunsa kuti tiwonjezere zomeza zochuluka bwanji. Chipinda chophunzirira chimafuna nthawi yochepera sekondi imodzi. Holo ya zoyankhula ya kukula ngati yathuyi imakhala bwino pafupi ndi sekondi imodzi. Maholo a magulu akuluakulu a zoyimbira, monga ija ya ku Boston, amayandikira masekondi awiri. Holo yogwira ntchito ziwiri, kuyankhula ndi kuyimba, iyenera kugwera pakati.

Tinene kuti tikufuna masekondi 1.2 muli anthu 100. Gawani 290 ndi 1.2, mupeza kuti A iyenera kukhala pafupifupi 242. Tili ndi 112, ndiye kuti tikusowa 130. Mapanelo a ubweya wa galasi kapena wa miyala, okhuthala masentimita asanu, okutidwa ndi nsalu yopita mpweya, amameza pafupifupi 0.8. Popeza akuphimba malo amene ankameza kale pang'ono, pafunika masikweya mita pafupifupi 170. Makatani okhuthala opindapinda angafunike pafupifupi 270. Kalipeti yopyapyala yoyalidwa pa simenti, imene ambiri amaiganizira koyamba, imameza pafupifupi 0.14 pa mawu apakatikati. Ngakhale itayalidwa pansi ponse ingawonjezere 36 yokha, ndipo mbali yaikulu ya iyo ingabisike pansi pa mabenchi ndi anthu.

Ntchito ikatha, holo yopanda anthu idzakhala pa masekondi 1.4, yodzaza pa 0.9. Taonani kuti kusiyana kwachepa: poyamba kunali kuchokera pa 4 kufika 1.5. Holo yakhazikika, yasiya kusintha khalidwe molingana ndi chiwerengero cha obwera. Koma 0.9 ndi youma kwa kwaya. Oyimba amafuna kuti nyumba iwabwezereko mawu awo, kuti amvane ndi kulumikizana, ndipo mpingo umayimba momasuka ukamamva kuti ukuyimba pamodzi. Ngati nyimbo ndi zofunika m'holoyo, ndi bwino kulekeza pa masikweya mita pafupifupi 100. Pamenepo A ikuwonjezeka ndi 80, nthawi n'kukhala pafupifupi 1.5 muli anthu 100, ndi 1.1 mutadzaza. Zina zotsalazo zingakhale makatani okoka, otsekedwa pamsonkhano, otsekulidwa poyimba.

Masamuwa amaphunzitsanso kudziwa polekezera. Kuti titsike kuchoka pa masekondi anayi kufika awiri, tifunika kuwonjezera 72. Kuti titsike kuchoka pa awiri kufika imodzi, tifunika 144 ina. Zomeza zoyamba zimagwira ntchito yaikulu, zotsatira zimabweza zochepa pa mtengo wokwera. Mpingo wosauka usataye mtima poona kuti sungathe kugula zonse, chifukwa gawo loyamba ndilo limasintha kwambiri. Ngakhale kutsekula mazenera kumathandiza: masikweya mita 20 otsekula akutsitsa holo yopanda anthu kuchoka pa 4 kufika pafupifupi 3.3, bola panja pakhale pabata.

Lamulo la Sabine lili ndi malire ake, ndipo amene akuligwiritsa ntchito ayenera kuwadziwa. Loyamba ndi lakuti nambala ya kumeza imasintha molingana ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Funde la liwu lotsika, logwedezeka ka 125 pa sekondi, ndi lotalika mamita pafupifupi 2.7, pamene la liwu lokwera, logwedezeka ka 4,000, silifika masentimita 9. Chinthu chofewa chimameza mawu chifukwa mpweya umakhuzana ndi ulusi wake n'kutaya mphamvu, koma pakhoma penipeni mpweya sugwedezeka kwenikweni. Umagwedezeka kwambiri pa mtunda wa gawo limodzi mwa magawo anayi a funde kuchokera pakhoma. Nsalu yopyapyala yomatidwa pakhoma imafikira mawu okwera okha, otsika amaidutsa ngati palibe. Zotsatira zake ndi holo imene yataya kuwala kwa mawu koma ikugunguzabe ndi besi ndi ng'oma. Chizindikiro chake n'chakuti kuwomba m'manja kumamveka kouma, koma mwamuna wa liwu lalikulu akayankhula nyumba imalindima. Mankhwala ake ndi kukhuthala, kusiya mpata wa mpweya kuseri kwa panelo kapena katani, ndiponso matabwa opyapyala okhomedwa pa mitanda mosiya mpata, amene amagwedezeka ndi mawu otsika n'kuwameza. Pa chifukwa chimenechi kuwerengera kwathunthu kumabwerezedwa pa mawu otsika, apakatikati ndi okwera, aliwonse paokha.

Malire achiwiri ndi akuti lamuloli limayesa ngati mawu amwazika mofanana m'nyumba monse ndipo akugunda malo onse mosakondera. Mukaika zomeza zonse kudenga n'kusiya makoma awiri osalala oyang'anizana, mawu ena amangoyenda uku ndi uku pakati pa makomawo osakhudza kudenga. Pepala lidzati sekondi imodzi, khutu lidzamva zotalikirapo. Mungadziwe poima pakati n'kuwomba m'manja kamodzi: mukamva kanjenjemera kofulumira kotsatira, makoma akuponyerana liwu. Zomeza zimagwira bwino zikagawidwa mbali zosiyanasiyana. Khoma lakumbuyo, loyang'anizana ndi woyankhula, ndilo loyamba kuliganizira, chifukwa m'holo ya mamita 25 liwu lopita kumeneko n'kubwerera kutsogolo limayenda mamita pafupifupi 50 ndipo limafika mochedwa moti limamveka palokha. Koma malo olimba a pafupi ndi woyankhula, kuseri kwake ndi pamwamba pake, ndi abwino kuwasiya. Mawu obwerera msanga, asanathe magawo asanu mwa 100 a sekondi, khutu limawaphatikiza ndi liwu lolunjika, ndipo amalimbitsa kumva. Si kubweza konse kumene kuli koipa. Koipa ndi kubweza mochedwa.

Malire achitatu amaoneka m'zipinda zomeza kwambiri. Chipinda chimene makoma ake onse ndi mazenera otsekula sichingakhale ndi mkokomo, koma lamulo la Sabine limaperekabe nambala yoposa ziro. Carl Eyring anakonza zimenezi m'chaka cha 1930 ndi lamulo lina, limene limagwiritsidwa ntchito pamene kumeza kwa malo onse, kukagawidwa mofanana, kwapitirira 0.2 kapena 0.3. Holo yathu yosakonza ili pa 0.07, choncho Sabine akukwanira. Itakonzedwa n'kudzaza anthu imayandikira 0.3, ndipo pamenepo nthawi yeniyeni ingafupike pang'ono kuposa imene tawerengera.

Palinso zolakwa zimene zimadya ndalama za anthu. Mathileyi a mazira ndi opyapyala ndipo amameza pang'ono, pa mawu ochepa okha, komanso amagwira moto msanga, monga amachitira masiponji ambiri a matiresi. Kupaka penti yokhuthala pa chinthu chofewa kumatseka timabowo take, n'kuchisandutsa khoma wamba. Kuyesa kosavuta n'kupemerera mpweya pa nsalu: ngati mpweya sukudutsa, mawu okwera adzabwerera. Ndipo kumeza mawu m'kati n'kosiyana ndi kutsekereza phokoso lochokera kunja. Makatani sangaletse mvula kulira pa malata kapena chigayo cha pafupi kumveka. Zimenezo zimafuna kulemera ndi kutseka mipata.

Ngati holo ilipo kale, kuyeza kumaposa kuwerengera, chifukwa nambala za m'mabuku ndi zongoyandikira ndipo pulasitala wa kuno sangafanane ndendende ndi wa kwina. Sankhani nthawi yabata, tsekani zitseko, phulitsani baluni pamalo pamene woyankhula amaima, ndipo jambulani phokosolo ndi foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera. Bwerezani m'malo angapo okhala anthu n'kutenga nambala ya pakati. Nthawi zambiri simudzaona madesibelo onse 60, chifukwa mchira wa liwu umamira m'phokoso la mphepo, mbalame ndi magalimoto. Choncho zida zimayeza gawo lokha: kuchokera pa madesibelo 5 kufika 25 pansi pa chiyambi n'kuchulukitsa katatu, zimene zimalembedwa T20, kapena kufika 35 n'kuchulukitsa kawiri, zimene ndi T30. Pa chifukwa chomwechi, amene akuwerenga ndi khutu masana amapeza nthawi yofupika kuposa yeniyeni. Foni nayo simva bwino mawu otsika kwambiri, koma pa apakatikati imapereka chithunzi chokwanira kupangira chiganizo. Mukapeza T, gawani 0.161 × V ndi T, mudziwa A yeniyeni ya holo yanu, ndipo kuchokera pamenepo kuwerengera zofunika kuwonjezera kumakhala kodalirika.

Pomanga nyumba zosonkhanamo timakonda zolimba, zosalala ndi zonyezimira: matailosi pansi, penti ya mafuta pakhoma, denga lalitali loonekera patali. Zifukwa zake n'zomveka, pakuti zimenezi zimatsukika, sizidyedwa ndi chiswe, ndipo zimaonetsa kuti anthu anadzipereka. Koma chilichonse mwa izi chimatalikitsa mkokomo. Kukweza denga la holo yathu kuchoka pa mamita 6 kufika 9 kumawonjezera mpweya ndi theka, pamene khoma lowonjezekalo silimeza kanthu kwenikweni. Timamangira maso, n'kuiwala kuti anthu amabwera kudzamva. Amene amalipira mtengo wake ndi agogo amene makutu ayamba kulemera, mwana amene akuphunzira m'chinenero chimene sanachizolowere, ndi mlendo amene sangathe kulosera liwu lotsatira. Munthu wa makutu akuthwa, wodziwa kale nkhani, amadzaza yekha mipata. Ofookawa sangathe, ndipo kawirikawiri sadandaula. Amaganiza kuti vuto ndi lawo, amakhala chete, ena n'kusiya kubwera.

Ndimakhulupirira kuti kumvana m'nyumba yosonkhanamo ndi nkhani ya chilungamo, yofanana ndi kuika khomo loti wa njinga ya olumala alowerepo. Ndipo ndi chilungamo chotheka, chifukwa kuwerengera kwake sikufuna zambiri kuposa kuchulukitsa ndi kugawa. Inu a m'makomiti a zomanga, aphunzitsi aakulu ndi akulu a mipingo, musanagule zokuzira mawu zina, yezani mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa holo yanu, lembani zimene zili pansi, pakhoma ndi kudenga, ndipo pezani nthawi yake muli anthu ochepa amene amabwera masiku wamba. Ngati yapitirira masekondi awiri ndipo m'nyumbamo mumayankhulidwa zinthu zofunika kuti anthu azimve, ndalama zoyamba zipite ku khoma lakumbuyo ndi kudenga.